Batire latsala limodzi, ogula awiri adina pamodzi

Tiyerekeze sitolo ya zipangizo za sola ku Lilongwe yomwe imagulitsanso katundu wake pa webusayiti. Mabatire a mtundu wina ayenda malonda kwambiri moti pashelefu patsala limodzi. Mayi wina ali ku Mzuzu, bambo wina ali ku Zomba, ndipo aliyense akuona pa foni yake kuti batire lilipo. Onse adina batani logulira m'sekondi imodzimodzi. Onse alandira uthenga wothokoza, onse alipira. M'mawa mwake wogwira ntchito m'sitolo muja apeza maoda awiri, batire limodzi, ndipo ayenera kusankha woti amuimbire foni yopepesa.

Mwini sitolo akamva zimenezi amayamba kukalipira anyamata ake kuti sanawerenge bwino sitoko. Koma kawirikawiri anyamatawo amakhala kuti sanalakwe. Batire linalidi limodzi, m'kompyuta munalembedwadi limodzi. Cholakwika chinachitikira m'kamphindi kakang'ono kwambiri, pakati pa kuona kuti katundu alipo ndi kulemba kuti watengedwa.

M'golosale wamba vutoli kulibe. Botolo lomaliza la mafuta ophikira limalowa m'dzanja limodzi, ndipo wachiwiri amadzionera yekha kuti pashelefu payera. Ukati "mundisungire, ndikatenge ndalama," wogulitsa amalichotsa pashelefupo n'kuliika kuseri kwa kauntala, ndipo kuona, kutenga ndi kusunga zonse zachitika ndi dzanja lomwelo. Pa webusayiti wogula sagwira batire. Chomwe akuona ndi nambala yomwe inakopedwa kuchokera m'kaundula wa sitolo pa nthawi yomwe tsamba limatseguka, mwina mphindi zisanu zapitazo. Anthu 200 akhoza kumayang'ana nambala 1 yomweyo nthawi imodzi, aliyense akuganiza kuti ndi yake.

Kaundula ameneyu amatchedwa detabesi, ndipo amakhala pa kompyuta yaikulu yotchedwa seva. Katundu aliyense ali ndi mzere wake. Batire lathuli tilipatse nambala 417, ndipo pa mzere wake palembedwa kuti alipo ndi 1. Munthu akadina batani, pulogalamu yolembedwa mosaganizira bwino imachita zinthu zitatu motsatana. Imawerenga nambala, imaona ngati ndi yoposa 0, kenaka imalemba nambala yatsopano n'kutsegula oda. Wogula akakhala mmodzi palibe cholakwika chilichonse, n'chifukwa chake wolemba pulogalamu amaiyesa payekha masana onse n'kukhutira. Koma seva situmikira anthu mmodzimmodzi ayi. Imagwira maoda ambiri nthawi imodzi, kuno pang'ono uko pang'ono.

Tiyeni tichepetse liwiro la nthawi. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Oda ya mayi wa ku Mzuzu yafika, pulogalamu yawerenga mzere 417 n'kupeza 1. Patapita mamilisekondi 5, oda ya bambo wa ku Zomba yafika, nayo yawerenga mzere womwewo. Pa nthawiyi palibe chomwe chalembedwa, ndiye nayonso yapeza 1. Pa milisekondi ya 20 oda ya ku Mzuzu yachotsera, 1 kuchotsa 1, n'kulemba 0. Pa milisekondi ya 25 oda ya ku Zomba, yomwe ikukumbukirabe 1 yake ija, yachotseranso n'kulemba 0 pamwamba pa 0. Iliyonse payokha yachita masamu olondola, koma batire lagulitsidwa kawiri.

Choipa kwambiri pamenepa n'chakuti kaundula akuoneka waukhondo. Akuti 0, ndipo batire likatumizidwa kwa mmodzi pashelefu pakhaladi 0. Palibe belu lomwe lingalire. Mapulogalamu ena salemba nambala yomwe anaiwerengera okha, amangouza detabesi kuti ichotse 1 pa chilichonse chomwe chilipo. Amenewo amasiya -1 m'kaundula. Nambala yotereyi imaoneka yochititsa manyazi, koma kwa mwini sitolo ndi yabwinoko kusiyana ndi 0 wabodza uja, chifukwa ikunena poyera kuti walonjeza katundu yemwe alibe.

Wina angati mpata wa mamilisekondi 20 ndi waung'ono kwambiri, sitolo yaing'ono singakumane nazo. Pali zinthu ziwiri zomwe zimatsutsa maganizo amenewa. Choyamba, ogula sabwera motalikirana bwinobwino. Sitolo ikalengeza kuti mitengo yatsika kuyambira 8 koloko, anthu onse amafika 8 koloko yomweyo, ndipo amalimbirana katundu yemweyo wochepa. Chachiwiri ndiye chachikulu. Masitolo ambiri amaona ngati katundu alipo munthu akamayamba kulipira, koma amachotsera ndalama zikalowa. Kwa wolipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, pakati pa ziwirizi pali kudikira uthenga wofunsa nambala yachinsinsi, kuilemba, mwina kupeza kuti ndalama zaperewera n'kuthamangira kwa ejenti. Mpata uja suli mamilisekondi 20 tsopano, wafika mphindi ziwiri kapena khumi. Pamenepa mawu oti "nthawi imodzi" atambasuka, ndipo ngakhale sitolo yolandira maoda ochepa pa tsiku ikhoza kugwa m'mbunamo.

Mankhwala ake ndi kuletsa kuti pakati pa kuona ndi kutenga pakhale mpata. Pulogalamu isafunse kaye kuti "kodi lilipo?" kenaka n'kubweranso kudzati "ndatenga." Ipereke lamulo limodzi loti "ngati lilipo, ndisungireni," ndipo detabesi iyankhe kuti zatheka kapena ayi. Kuti izi ziyende, mzere wa katundu umakhala ndi manambala awiri: omwe alipo m'sitolo, ndi omwe asungidwira anthu amene sanamalize kulipira. Omwe angagulitsidwe ndi otsala mukachotsa achiwiriwo pa oyambawo. M'chilankhulo cha madetabesi chotchedwa SQL, lamulolo limaoneka chonchi:

```sql
UPDATE katundu
SET osungidwa = osungidwa + 1
WHERE nambala = 417
  AND alipo - osungidwa >= 1;
```

Tanthauzo lake ndi loti pa mzere 417 muonjezere 1 pa osungidwa, koma pokhapokha ngati patsala limodzi losasungidwira munthu. Mphamvu ya lamuloli ili pa zomwe detabesi imachita malamulo awiri otere akafika pamodzi. Titenge PostgreSQL, imodzi mwa madetabesi ogwiritsidwa ntchito kwambiri. Lamulo la ku Mzuzu likafika, detabesi imakiya mzere 417 kuti wina asausinthe. Lamulo la ku Zomba limafika pakhomo n'kuima, kudikira mamilisekondi angapo. La ku Mzuzu likamaliza, loko amatseguka, koma detabesi silola la ku Zomba kudalira zomwe linaona poyamba. Imauwerenganso mzerewo mmene ulili tsopano: alipo 1, osungidwa 1, otsala 0. Zofunika sizikukwaniranso, ndiye palibe chomwe chisinthe. Oda yoyamba imalandira yankho la `UPDATE 1`, kutanthauza kuti mzere umodzi wasintha. Yachiwiri imalandira `UPDATE 0`. Pulogalamu ikaona 0 imauza bambo wa ku Zomba kuti katundu watha, asanatulutse ndi tambala yomwe.

Apa pali pomwe olemba mapulogalamu ena amapunthwa ngakhale alemba lamulo labwino. `UPDATE 0` si uthenga wa vuto kwa detabesi. Lamulo layenda bwinobwino, kungoti silinapeze mzere woyenera kusintha. Pulogalamu ikapanda kuliyang'ana yankholo, imapitiriza kutsegula oda ngati kuti zonse zili bwino, ndipo tabwerera pomwe tinayambira. N'chifukwa chake amisiri osamala amaikanso mpanda wachiwiri m'detabesi momwemo, lamulo lokhazikika la `CHECK (osungidwa <= alipo)`, lomwe limakana kulemba chilichonse chopangitsa osungidwa kuposa omwe alipo, kaya chachokera kwa ndani. Pali njira inanso yotchuka, ya `SELECT ... FOR UPDATE`, pomwe pulogalamu imakiya mzere pouwerenga n'kuumasula ikamaliza kulemba. Imathandiza pomwe pali zambiri zoti ziunikidwe asanachotsere, koma mfundo yake ndi yomweyo.

Ndani tsono anayenera kupata batire? Anthu amafunsa funsoli mokwiya, makamaka yemwe wamanidwa. Detabesi sidziwa yemwe chala chake chinayamba kukhudza foni. Imadziwa lamulo lomwe layamba kufika pa mzere. N'kutheka kuti bambo wa ku Zomba ndiye anayamba kudina, koma netiweki yake inachedwa theka la sekondi. Ine sindiona chinyengo pamenepa. Wotchi za mafoni sizigwirizana ndendende, ndipo munthu akhoza kuisintha yake, ndiye kuweruza potengera nthawi ya pa foni kungakhale kuitana akuba. Chomwe sitolo ingalonjeze ndi chakuti wopata akhala mmodzi, ndipo winayo auzidwa msanga.

Kukiya mzere ndi kusungira munthu katundu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kuzisokoneza kumagwetsa webusayiti. Loko wa pa mzere ayenera kukhala wa mamilisekondi okha. Pulogalamu ikakiya mzere n'kumadikira kuti mayi wa ku Mzuzu alembe nambala yake yachinsinsi, aliyense wofuna katundu wa pa mzere umenewo aima pambuyo pake, ngakhale m'sitolo mutakhala mabatire 50. Oimawo akachuluka, njira zolumikizira seva ku detabesi zimadzaza, ndipo ngakhale wofuna kugula babu sangathe. Choyenera ndi kukiya, kulemba kuti limodzi lasungidwa, kumasula nthawi yomweyo, kenaka kudikira ndalama loko ali wotsegula. Chomwe chimagwira batire m'mphindi zodikirazo ndi cholembedwa chabe: oda yakuti, katundu 417, limodzi, mpaka nthawi yakuti.

Mawu oti "mpaka nthawi yakuti" ndiwo amavutitsa eni masitolo, chifukwa apa si nkhani ya makompyuta yokha, ndi nkhani ya malonda. Kusunga kuyambe liti? Mukayamba munthu akangoponya katundu m'basiketi, mashelefu a pa webusayiti ayera msanga, popeza anthu ambiri amadzaza basiketi pongofuna kuona mtengo wonse n'kuchoka. Wopikisana nanu pa malonda akhozanso kuika sitoko yanu yonse m'basiketi mwadala. Mukadikira mpaka ndalama zitalowa, mubwerera ku maoda awiri aja. Ambiri amasankha pakati: basiketi silonjeza kanthu, kusunga kumayamba munthu akadina zoti akulipira tsopano. Ichi n'chifukwa chake katundu amatha kusowa ali kale m'basiketi mwanu, ndipo sikuti sitolo yakuberani.

Nanga kusungako kutalike bwanji? WooCommerce, pulogalamu yomwe masitolo ang'onoang'ono ambiri padziko amagwiritsa ntchito, ili ndi malo olembedwa `Hold stock (minutes)`, ndipo ikangoikidwa kumene pamakhala 60. Oda yomwe sinalipidwe m'mphindi zimenezo imafufutidwa, katundu n'kubwerera pamsika. Kwa sitolo yokhala ndi katundu wambiri, ola lathunthu silipweteka. Kwa batire lomaliza pa tsiku lotsitsa mitengo, ola ndi lalitali kwambiri: munthu yemwe anasintha maganizo m'mphindi yachiwiri watsekereza ogula enieni kwa mphindi 58. Koma mukadula mpaka mphindi zitatu, mulanda katundu m'manja mwa munthu yemwe akulimbana ndi netiweki. Nthawi yoyenera imachokera pa njira yolipirira yochedwetsetsa yomwe sitolo imalola, kuonjezerapo pang'ono. Yemwe amalola kulipira kudzera ku banki n'kutumiza chithunzi cha risiti sangaike mphindi 15, chifukwa pamafunika munthu woti aone risitiyo.

Tinene kuti sitolo yathu yasankha mphindi 15, ndipo mayi wa ku Mzuzu anasungiridwa batire nthawi ya 10:00. Apa ndi pomwe nkhani imafika pokoma, chifukwa mpikisano uja umabweranso ndi nkhope ina. Mayiyo walemba nambala yake yachinsinsi 10:14, ndalama zachoka m'foni mwake. Koma uthenga wochokera ku kampani yolipirira, wouza sitolo kuti ndalama zalowa, wachedwa panjira. Pokwana 10:15 pulogalamu ya sitolo yaona kuti nthawi yatha n'kumasula batire. Bambo wa ku Zomba, yemwe wakhala akutsegulatsegula tsambalo, waliona labwerera 10:16, wasungiridwa, walipira. Uthenga wa ndalama za ku Mzuzu wafika 10:17. Palibe lamulo lomwe lathyoledwa, koma anthu awiri alipiranso batire limodzi.

Mbali ina ya vutoli imatheka ndi mankhwala omwe aja. Kumasula ndi kutsimikiza malipiro kukhoza kugundana m'sekondi imodzi, ndiye chilichonse mwa ziwirizi chiyenera kukhala lamulo limodzi lokhala ndi "pokhapokha" wake:

```sql
UPDATE zosungira
SET mkhalidwe = 'yalipidwa'
WHERE oda = 9052
  AND mkhalidwe = 'yasungidwa';
```

Lamulo lomasula limafanana nalo, kungoti limalemba kuti nthawi yatha. Loyamba kufika ndilo limasintha mzere, lachiwiri limapeza mkhalidwe utasintha kale n'kubwerera ndi 0. Lamulo lomweli limatetezanso ku chinthu china chofala: makampani olipirira amatha kutumiza uthenga umodzimodzi kawiri kapena katatu akakayika ngati woyamba unafika. Pulogalamu yosasamala imachotsera sitoko pa uthenga uliwonse. Ndi lamulo ili, uthenga wachiwiri umapeza oda italembedwa kale kuti yalipidwa, ndipo palibe chochitika.

Sitolo yanzeru imaonjezera chinthu chimodzi. Isanamasule katundu, imayamba yafunsa kampani yolipirira kuti oda 9052 ili pati. Ikamva kuti ndalama zalowa kapena zili m'njira, imadikira. Izi zimachepetsa milandu yotere kwambiri, koma sizimaithetsa, chifukwa tsiku lomwe uthenga ukuchedwa ndi tsiku lomwenso funsolo lingakhale losayankhidwa. Ndiye pulogalamu iyenera kukhala ndi njira yokonzeratu ya ndalama zobwera mochedwa. Uthenga wa 10:17 ukapeza 0, iyesenso kusunga batire lina ngati lilipo. Ngati palibe, oda ilembedwe kuti ndi yobwezera ndalama, ndipo mayiyo auzidwe nthawi yomweyo, osati adzamve Lachisanu atatopa kuimba foni. Olipira pa khadi la ku banki ali ndi mwayi pang'ono apa, chifukwa makadi amalola sitolo kugwira ndalama kaye osazitenga, n'kuzimasula ngati katundu wasowa. Ndalama za pa foni nthawi zambiri zimasamuka pomwepo, ndipo kuzibweza ndi ntchito ina yapadera yomwe imatenga nthawi yake.

Palinso matenda otsutsana ndi kugulitsa kawiri, omwe eni masitolo sawazindikira msanga chifukwa palibe kasitomala amene amadandaula. Ntchito yomasula zosungidwa zakale imachitidwa ndi kapulogalamu komwe kamadzuka pakapita mphindi zingapo zilizonse. Kakafa mwakachetechete, zosungira za anthu omwe anachoka kalekale zimangounjikana. Webusayiti imati katundu watha pomwe pashelefu pali mabatire anayi akuchita fumbi. Chizindikiro chake n'chosavuta: fufuzani zosungira zomwe nthawi yake inadutsa koma zikadalembedwa kuti zasungidwa. Mukapeza za dzulo kapena za sabata yatha, kapulogalamuko kagona. Ena amapewa izi powerengera osungidwa kuchokera pa zosungira zomwe nthawi yake sinakwane zokha, kuti chakale chisiye kuwerengedwa chokha ngakhale wosesa atachedwa.

Zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha ngati khomo lotulukira katundu ndi limodzi. Sitolo yathu ya ku Lilongwe ili ndi kauntala, ndipo mwina mwini wake amalandiranso maoda pa WhatsApp. Nthawi ya 10:05, batire lili losungidwira mayi wa ku Mzuzu, munthu walowa m'sitolo ndi ndalama m'manja, waliloza pashelefu, ndipo wogulitsa walipereka, n'kunena kuti alemba m'kompyuta madzulo. Palibe lamulo la SQL lomwe lingamugwire dzanja. Njira yolimba ndi yoti makina a pa kauntala adutse pa mzere 417 womwewo asanatulutse risiti. Komwe izi sizitheka, masitolo amabisa katundu mmodzi kapena awiri omaliza, webusayiti n'kumati watha pomwe watsala pang'ono. Amataya mwayi wogulitsa pang'ono pofuna kupewa foni yopepesa ija.

Ena amasankha dala kulandira maoda oposa katundu. Makampani a ndege, omwe ndiwo anayamba kalekale kusungira anthu malo pa kompyuta (American Airlines ndi IBM anali atamaliza kukhazikitsa makina awo a SABRE pofika 1964), amagulitsa matikiti oposa mipando podziwa kuti ena safika. Sitolo yomwe ikuyembekezera lole ya mabatire mawa ikhoza kuchita chimodzimodzi, bola iuze wogula kuti katundu wake achedwa. Kumeneko ndi kusankha kwa mwini malonda, ndipo amadziwa malire omwe waika. N'zosiyana ndi kudzidzimuka m'mawa.

Mwini sitolo yemwe sadziwa kulemba mapulogalamu akhozabe kudziwa ngati webusayiti yake ili ndi bowo limeneli. Kuyesa ndi mafoni awiri, wina kuwerenga mpaka katatu n'kudina pamodzi, kumagwira bowo lalikulu lokha, la mphindi zodikira malipiro lija. Bowo la mamilisekondi zala za anthu sizingalipeze modalirika. Auze yemwe anamupangira webusayiti kuti, pa seva yoyeserera, aike katundu mmodzi n'kutumiza maoda 50 nthawi imodzi pogwiritsa ntchito pulogalamu, ndipo abwereze kangapo. Ulendo uliwonse payenera kutuluka oda imodzi yopambana ndi 49 zokanidwa. Zikatuluka ziwiri ngakhale kamodzi kokha, bowo lilipo. Kenaka ayesenso mbali ya ndalama: atumize uthenga wa malipiro kawiri, aone ngati sitoko yatsika kamodzi, ndipo autumizenso nthawi yosunga itadutsa ndi mphindi ziwiri, batire litapita kale kwa wina, aone ngati oda ya wochedwayo yalowa pa mndandanda wa obwezeredwa ndalama.